Kuchokera pa malita pa makilomita 100 kupita pa makilomita pa lita: mafunso ndi mayankho

Galimoto zambiri zimene zimayenda m'misewu ya kuno zinabwera zitagwirako kale ntchito kunja. Zambiri n'za ku Japan, zina n'za ku Joni, zina n'za ku Mangalande. Kulikonseko ali ndi kalembedwe kawo ka momwe galimoto imamwera mafuta. A ku Japan amalemba km/L, a ku South Africa ndi maiko ambiri a ku Ulaya amalemba L/100km, pomwe a ku Mangalande anazolowera mpg. Munthu akafuna kugula galimoto amapezeka wagwira mapepala atatu olankhula zinenero zitatu. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri pa nkhaniyi.

Kodi manambala awiriwa amatanthauza chiyani kwenikweni?

Onse akunena chinthu chimodzi, kungoti akuyambira mbali zosiyana. Nambala ya km/L ikuyankha funso lakuti: ndikathira lita imodzi, ndiyenda mtunda wautali bwanji? Ya L/100km ikuyankha lina: ndikafuna kuyenda makilomita 100, ndithire malita angati?

Chofunika kugwira ndi ichi. Pa km/L, nambala yaikulu ndiyo yabwino. Pa L/100km, yabwino ndi yaing'ono. Galimoto yolembedwa 5 L/100km imamwa pang'ono kusiyana ndi yolembedwa 9 L/100km. Wozolowera kumva zoti "iyi imayenda 15 pa lita" akaona 5 pa dashibodi mtima umagunda, kuganiza kuti wagula chidakwa, pomwe 5 ameneyo akutanthauza makilomita 20 pa lita.

Ndiye masamu ake amayenda bwanji?

Tengani 100, mugawe ndi nambala imene mwapatsidwa.

```
km/L = 100 ÷ (L/100km)
L/100km = 100 ÷ (km/L)
```

Tiyerekeze kuti pepala la galimoto likunena 8 L/100km. Ndiye kuti malita 8 akuyendetsa makilomita 100. Kuti mudziwe gawo la lita imodzi, makilomita 100 aja muwagawire malita 8 onse mofanana: 100 ÷ 8 = 12.5. Lita iliyonse yatenga makilomita 12 ndi theka.

Kubwerera m'mbuyo n'chimodzimodzi. Muli ndi 12.5 km/L ndipo mukufuna L/100km: 100 ÷ 12.5 = 8. Palibe lamulo lachiwiri loti muloweze.

Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri pa foni ndi kutembenuza manambala, kulemba 8 ÷ 100. Yankho lake ndi 0.08. Nambala imeneyi si yabodza, koma ikunena malita amene amapita pa kilomita imodzi, osati makilomita pa lita. Mukaona yankho loyamba ndi ziro pa galimoto wamba, dziwani kuti 100 mwamuika kolakwika.

Ngati muli ndi galimoto zambiri zoti muyerekeze pa kompyuta, ikani L/100km mu bokosi A2, ndipo mu bokosi loyandikana nalo mulembe:

```
=100/A2
```

Pali manambala oti ndingowasunga m'mutu?

Alipo ochepa othandiza mukaima pamalo ogulitsira galimoto. Pakati penipeni pali 10: galimoto ya 10 L/100km imayenda 10 km/L, pamenepa manambala onse awiri amakumana. Pansi pa 10 L/100km, zinthu zili bwino: 8 ndi 12.5, 7 ndi 14.3, 6 ndi 16.7, 5 ndi 20, 4 ndi 25. Pamwamba pa 10 mwalowa m'gulu la galimoto zazikulu: 12.5 ndi 8, ndipo 20 ndi 5. Njira yodziyesera ngati mwalondola ndi kuchulukitsa manambala awiriwo. Ayenera kubweretsa 100 kapena pafupi kwambiri ndi 100.

Pepala lina lalembedwa 6,5 l/100 km. Kodi amenewa ndi malita 65?

Ayi. Ku South Africa ndi maiko ambiri a ku Ulaya amaika chizindikiro cha koma pamalo pamene ife timaika kadontho. Choncho 6,5 ndi 6.5, malita asanu ndi limodzi ndi theka. Ndipo theka limenelo musalitaye. Mukawerenga 6.5 ngati 6 mupeza 16.7 km/L, mukawerenga ngati 7 mupeza 14.3, pomwe yankho lenileni ndi 15.4.

Nanga za ku Mangalande zolembedwa mpg?

Zilembo zimenezi zikutanthauza mailosi pa galoni, ndipo msampha wake uli pa galoniyo, chifukwa magaloni alipo awiri. Galoni ya ku Mangalande ndi malita 4.546, ya ku Amereka ndi malita 3.785. Mailosi ndi imodzimodzi konsekonse, makilomita 1.609.

```
km/L = mpg × 0.354   (UK)
km/L = mpg × 0.425   (US)
```

Galimoto ya ku Mangalande yolembedwa 45 mpg imayenda 45 × 0.354 = 15.9 km/L. Mukalakwitsa n'kugwiritsa ntchito nambala ya ku Amereka, mupeza 19.1 km/L, kutanthauza kuti mwaipatsa galimotoyo makilomita atatu aulere pa lita iliyonse. Mawebusaiti ambiri osinthira manambala amayambira pa galoni ya ku Amereka, choncho yang'anani kaye galoni imene yasankhidwa musanakhulupirire yankho.

Tandiyerekezereni galimoto zitatu zenizeni monga momwe wogula angachitire.

Manambala awa ndi achitsanzo chabe. Galimoto yoyamba ndi ya ku Japan, yolembedwa 18 km/L. Yachiwiri ndi ya ku Joni, 6,5 l/100 km. Yachitatu ndi ya ku Mangalande, 45 mpg.

Poyamba zonse zilankhule chinenero chimodzi. Ya ku Japan ili kale pa 18 km/L. Ya ku Joni: 100 ÷ 6.5 = 15.4 km/L. Ya ku Mangalande taiwerengera kale, 15.9 km/L. Papepala, ya ku Japan ili patsogolo, ndipo ziwiri zinazo zili pafupi kwambiri.

Tsopano tiziike pamsewu umene mukuudziwa. Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa ndi pafupifupi makilomita 310. Ya ku Japan ifuna 310 ÷ 18 = malita 17.2. Ya ku Mangalande ifuna 310 ÷ 15.9 = malita 19.5. Ya ku Joni ifuna malita 20.1, ndipo mukhoza kuipeza osasintha n'komwe nambala yake: mu makilomita 310 muli mahandiredi 3.1, ndiye 3.1 × 6.5 akupatsani malita 20 ndi pang'ono.

Kusiyana kwa yachiwiri ndi yachitatu sikukwana lita imodzi paulendo wonsewo. Kumeneko si kusiyana koti kukusankhireni galimoto. Pofunika kuyang'ana ndi pa ya ku Japan, imene ikuoneka yopulumutsa malita awiri kapena atatu. Koma musanaikhulupirire, funsani kuti 18 ameneyo anayesedwa motani.

Bwanji nambala ya pa pepala sikugwirizana ndi zimene galimoto ikuchita pamsewu?

Chifukwa nambala ya pa pepala inapezeka m'nyumba yoyesera, galimoto itakwezedwa pa zigudumu zozungulira pamalo amodzi, makina oziziritsa m'kati ali ozimitsa, popanda matumba a chimanga kumbuyo, popanda mabampu kapena maenje. Ndipo mayeso ake si amodzi.

Ku Japan galimoto zakale zinkayesedwa ndi njira yotchedwa 10-15, imene liwiro lake silinkapitirira makilomita 70 pa ola. Kenako kunabwera JC08, yofika pafupifupi 82 pa ola, ndipo kuyambira 2018 galimoto zatsopano zinayamba kulembedwa ndi WLTC. Ku Ulaya kunali NEDC, imene inayamba kulowedwa m'malo ndi WLTP mu 2017. Njira zakalezo zinali zofatsa kwambiri, kotero zinkapereka manambala okoma kuposa zimene woyendetsa amaona. Galimoto imodzimodziyo imaoneka yosamwa kwambiri pa 10-15, imatsika pa JC08, ndipo nthawi zambiri imatsikanso pa WLTC.

Apa ndi pamene masamu a 100 ÷ amathera mphamvu. Amasintha kalembedwe kokha, sasintha mayeso. Ngati 18 km/L wa ku Japan uja ndi wa JC08, pomwe 6.5 wa ku Joni ndi wa mayeso okhwimirapo, ndiye kuti mpikisano wake si wachilungamo, ndipo malita atatu aja akhoza kusungunuka pamsewu. Yerekezani manambala a mayeso amodzi ngati alipo. Ngati palibe, kusiyana kochepa muzikutenga ngati palibe kusiyana. Onjezaninso kuti nambala ya pa pepala ndi ya galimoto ili yatsopano, osati itayenda makilomita 120,000.

Chinanso: mapepala a ku Ulaya ndi ku South Africa nthawi zambiri amapereka manambala angapo, ya m'tauni, ya kunja kwa tauni ndi yophatikiza. Wotsatsa malonda amakonda kutchula ya kunja kwa tauni chifukwa ndiyo yaing'ono. Poyerekeza tengani yophatikiza kumbali zonse.

Ndiye poyerekeza ndigwiritse ntchito iti, km/L kapena L/100km?

Ife tinazolowera km/L, ndipo ndi yabwino pa funso la tsiku ndi tsiku: ndili ndi malita 10, ndikafika pati? Koma pa funso lakuti galimoto iti indipulumutsira mafuta ochuluka, km/L imanyenga maso.

Taonani anthu awiri. Woyamba akusiya galimoto ya 8 km/L n'kugula ya 10 km/L, waonjezera 2. Wachiwiri akusiya ya 20 km/L n'kugula ya 25 km/L, waonjezera 5. Aliyense anganene kuti wachiwiri ndiye wapindula kwambiri. Tsopano sinthani manambalawo. Woyamba wachoka pa 12.5 L/100km kufika pa 10, wapulumutsa malita 2.5 pa makilomita 100 alionse. Wachiwiri wachoka pa 5 kufika pa 4, wapulumutsa lita imodzi yokha. Ngati onse awiri amayenda makilomita 1,500 pamwezi, woyamba wasunga malita 37.5, wachiwiri malita 15.

Chifukwa chake n'chakuti masitepe a km/L sali ofanana. Kumunsi, kilomita imodzi yoonjezera pa lita ndi mafuta ambiri. Kumwamba, ndi madontho. Masitepe a L/100km ndi ofanana paliponse: kuchoka pa 12 kufika pa 11 ndi lita imodzi, kuchoka pa 5 kufika pa 4 ndi lita imodzinso. N'chifukwa chake mwini galimoto zingapo amene ali ndi ndalama zosinthira imodzi yokha ayenera kuyamba ndi imene imamwa kwambiri, ngati zonse zimayenda mitunda yofanana.

Nkhaniyi imakula kwambiri pa malole. Lole ya 2.5 km/L ndi ya 2.3 km/L zimamveka ngati zofanana, munthu angangoti zonse ndi "awiri ndi kanthu". Koma yoyamba ndi 40 L/100km, yachiwiri ndi 43.5. Pa makilomita 1,000 pasiyana malita 35, pafupifupi zigubu ziwiri za malita 20. Njinga yamoto ya kabaza ili kumapeto enawo: 40 km/L ndi 2.5 L/100km, 45 km/L ndi 2.2, ndipo pa makilomita 1,000 omwewo pangosiyana malita osakwana atatu.

Choncho sinthirani ku km/L kuti mumve nambalayo m'chinenero chanu, koma powerengera ndalama bwererani ku L/100km.

Popita ndinapeza 20 km/L, pobwera 10 km/L. Avereji yake ndi 15?

Ayi, ndi 13.3. Tengani msewu wa Lilongwe kupita ku Salima, pafupifupi makilomita 100. Popita mukutsikira kunyanja, galimoto ili yopepuka, yamwa malita 5. Pobwera mukukwera, mwanyamula katundu, yamwa malita 10. Onse pamodzi ndi makilomita 200 ndi malita 15. Ndiye 200 ÷ 15 = 13.3 km/L.

Avereji imatsamira mbali yoipa chifukwa mafuta ambiri anathera kumeneko. Pa L/100km vutoli palibe ngati mitunda ili yofanana: 5 ndi 10, pakati pake 7.5, ndipo 100 ÷ 7.5 = 13.3. Ngati mitunda ili yosiyana, musaphatikize manambala a mtundu uliwonse. Bwererani ku malita enieni. Makilomita 300 a msewu waukulu pa 6 L/100km ndi malita 18, makilomita 100 a m'tauni pa 10 L/100km ndi malita 10. Onse ndi malita 28 pa makilomita 400, kutanthauza 7 L/100km kapena 14.3 km/L.

Ndingayeze bwanji galimoto yanga ndekha?

Njira yodalirika ndi yochokera pa thanki yodzadza kufika pa thanki yodzadza. Pitani pamalo omwetsera mafuta, galimoto iime pamalo osapendekeka, ndipo muuze wothira kuti asiye pampu ikangodula koyamba. Pomwepo bwezani mita ya TRIP pa ziro, kapena lembani nambala ya ODO. Malita a kuthira koyambaku sawerengedwa, ntchito yake ndi kungoika poyambira.

Yendani monga mwa masiku onse, makilomita 400 kapena kupitirira. Kenako dzadzaninso momwemo, ngati n'kotheka pa pampu yomweyo, ndipo lembani malita amene pampu yaonetsa. Amenewo ndiwo mafuta amene galimoto yamwa. Ngati mwayenda makilomita 420 ndipo mwalowa malita 35, ndiye 420 ÷ 35 = 12 km/L, kapena 100 ÷ 12 = 8.3 L/100km.

Ambiri sitidzadza thanki nthawi zonse, timathira monga thumba lalolera. Zimenezo sizisokoneza, bola kuyamba ndi kumaliza kukhale pa thanki yodzadza, ndipo kuthira kulikonse kwapakati kulembedwe. Mwadzadza, kenako mwathira malita 10, tsiku lina 15, pomaliza mwadzadza ndi 18. Onse ndi 43. Ngati mita ikuonetsa 540, ndiye 540 ÷ 43 = 12.6 km/L, pafupifupi 8 L/100km. Lembani malita, osati makwacha, chifukwa mtengo ukasintha pakati, kuwerengera kwanu kwasokonekera. Kuthira kumodzi kukaiwalika, galimoto ioneka yosamwa kuposa momwe ilili.

Bwanji makilomita 400? Chifukwa pampu sidula pamalo amodzi ndendende. Tiyerekeze kuti kuthira kwachiwiri kwapitirira ndi lita imodzi, mwina wothira anagwedeza galimoto n'kuonjezera. Pa makilomita 100, malita 8 asanduka 9, ndipo 12.5 km/L yagwa kufika pa 11.1. Pa makilomita 400, malita 32 asanduka 33, ndipo yankho ndi 12.1. Lita yolakwika ndi imodzi yomweyo, koma mtunda wautali waichepetsa mphamvu.

Singano ya pa geji musaidalire pa ntchito imeneyi. Thanki ya galimoto si ndowa yowongoka, imapindika motsatira malo amene ili, choncho theka la pa geji nthawi zambiri si theka la malita.

Ndayeza bwinobwino koma yankho likudabwitsa. Cholakwika chingakhale pati?

Musanathamangire kwa makaniko, onani kaye mita ya mtunda. Galimoto za ku Mangalande zimawerenga mailosi. Ngati mita ikuonetsa 260 ndipo mwathira malita 35, mukagawa mwachindunji mupeza 7.4, nambala yoopsa. Koma mailosi 260 ndi 260 × 1.609 = makilomita 418, ndipo 418 ÷ 35 akupatsani pafupifupi 12 km/L. Galimotoyo ilibe vuto.

Chachiwiri ndi matayala. Mita imawerenga kuzungulira kwa tayala, ndipo inakonzedwera saizi imene galimoto inabwera nayo. Tayala la 185/65R15 ndi lalitali mamilimita pafupifupi 621, la 195/65R15 ndi pafupifupi 634. Mukaika lachiwirilo m'malo mwa loyamba, galimoto imayenda 2 peresenti kuposa zimene mita ikunena, kotero pamene yalemba 400 mwayenda pafupifupi 408. Apa kusiyana n'kochepa, koma pa mapikapu amene aikidwa matayala akuluakulu kumakula. Saizi yoyenera imalembedwa pa kapepala ka pa felemu ya chitseko, nthawi zambiri cha woyendetsa.

Chachitatu ndi nthawi imene injini imalira galimoto ili chiimire, pamzere wa mafuta kapena podikira anthu okwera. Malita akupita, makilomita sakuonjezereka, ndipo zonsezo zimagwera pa yankho lanu. Zitatuzi zikakhala kuti zili bwino, ndipo kuyeza katatu kotsatizana pa misewu yomweyo kukuonetsa kutsika, pamenepo ndi poyang'ana mpweya wa m'matayala, sefa ya mpweya, mapulagi, ndi mabuleki ogwira pang'ono galimoto ikuyenda.

Dashibodi nthawi zina imaonetsa 0.0, nthawi zina nambala yaikulu kwambiri. Yafa?

Siinafe. Mukuyang'ana nambala ya mphindi yomweyo, osati ya avereji. Mukamatsetsereka giya ili yolowa, phazi litachoka pa moto, injini zambiri zamakono zimadula mafuta kotheratu. Pa L/100km zimenezi zimaoneka ngati 0.0, pa km/L nambala imathawira pamapeto pake. Mukamanyamuka pa maloboti zimatembenuka. Mukaima, galimoto zina zimaonetsa timizere, zina zimasinthira ku L/h, kutanthauza malita pa ola, popeza palibe mtunda woti zigawe nawo.

Yothandiza ndi yolembedwa AVG, koma nayonso imasonkhanitsa kuyambira tsiku limene inafufutidwa komaliza, mwina ikusungabe maulendo a mwini wake wakale. Ifufuteni pamene mukudzadza thanki, kenako muiyerekeze ndi masamu anu a pa pampu. Kawirikawiri dashibodi imakometsa pang'ono. Zikasiyana, khulupirirani pampu.

Ndikuyerekeza ya petulo ndi ya dizilo. Ndingoona km/L basi?

Ayi, pitani mpaka pa ndalama. Lita ya dizilo ili ndi mphamvu yochuluka kuposa ya petulo, ndipo injini ya dizilo imagwiritsa bwino mphamvuyo, choncho pa km/L dizilo imapambana kawirikawiri. Koma mitengo ya mafuta awiriwa imasiyana, ndipo bungwe la MERA limaisintha nthawi ndi nthawi. Gawani mtengo wa lita ndi km/L kuti mupeze mtengo wa kilomita imodzi.

Tingoyerekeza kuti petulo ali pa K4,000 ndipo dizilo pa K4,400. Galimoto ya petulo ya 12.5 km/L idya 4,000 ÷ 12.5 = K320 pa kilomita. Ya dizilo ya 15 km/L idya 4,400 ÷ 15 = K293. Dizilo yapambanabe, koma ndi K27 pa kilomita, pafupifupi 8 peresenti, osati 20 peresenti imene 15 ndi 12.5 zimaonetsa. Pa makilomita 1,500 pamwezi ndi pafupifupi K40,000. Ikani mitengo ya lero m'malo mwa imeneyi, ndipo ndalama yapamwezi imene mupeze muiyerekeze ndi kusiyana kwa mtengo wogulira galimoto ziwirizo komanso wa sevisi yake.